Yakobo ndi Paulo pa chikhulupiriro ndi ntchito: tsatani zaka za Abrahamu

*Ine ndine mayi wa Chigwirizano kuno ku Lizulu, ndipo bambo a kunyumba kwanga ndi Akatolika. Sabata yatha kumaliro mlaliki wina anawerenga Aroma 3:28, kuti munthu amayesedwa wolungama ndi chikhulupiriro popanda ntchito. Mnzake ataimirira anawerenga Yakobo 2, kuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa. Titafika kunyumba tinatsutsana mpaka nsima kuzizira. Kodi awiriwa akutsutsana, kapena ndife amene sitikumva?*

Mayi, makutu anu ndi a bambo ali bwinobwino. Mukaika Aroma 3:28 pafupi ndi Yakobo 2:24, mawu ake amagundanadi, ndipo wina akakuuzani kuti palibe vuto lililonse, dziwani kuti sanawawerenge mofatsa. Malo okhawo m'Chipangano Chatsopano pamene mawu akuti "chikhulupiriro chokha" alembedwa moteromo ndi pa Yakobo 2:24, ndipo pamenepo Yakobo akukana kuti munthu ayesedwa wolungama ndi chikhulupiriro chokha. Komabe ine ndimaona kuti chiphunzitso cha Paulo, mlembi wa Aroma, ndi cha Yakobo sichitsutsana. Aliyense wa iwo anali ndi mlandu wakewake woti aweruze. Njira yabwino yoonera zimenezi ndi kutsata mboni imene onse awiri anaitana, Abrahamu, ndi kuwerengera zaka zake.

Onse awiri akugwira vesi limodzi, Genesis 15:6. Usiku uja Mulungu anatulutsa Abrahamu panja, namuonetsa nyenyezi, namuuza kuti zidzukulu zake zidzachuluka chotero. Munthuyo anali wokalamba, wopanda mwana, koma anakhulupirira, ndipo Mulungu anamuwerengera chikhulupirirocho kukhala chilungamo. Paulo akutchula vesi limeneli pa Aroma 4:3 ndi Agalatiya 3:6. Yakobo akulitchula pa 2:23. Palibe mmodzi wa iwo akulikana. Kusiyana kwawo kuli pa chaputala china cha Genesis chimene aliyense akuchiika pambali pa vesilo.

Tiyambe ndi Paulo. Pa Aroma 4:10 akufunsa funso la nthawi: kodi Abrahamu anawerengeredwa chilungamo liti, ataumbalidwa kale kapena asanaumbalidwe? Tsegulani Genesis muwerengere nokha. Lonjezo lili mu chaputala 15. Isimaeli akubadwa mu chaputala 16, Abrahamu ali ndi zaka 86. Mdulidwe ukubwera mu chaputala 17, ali ndi zaka 99. Ndiye kuti kwa zaka zosachepera 13 Abrahamu anali wolandiridwa ndi Mulungu alibe chizindikiro chilichonse pathupi pake, ndipo lamulo la Mose linali lisanaperekedwe n'komwe. Pa Agalatiya 3:17 Paulo akuti lamulolo linabwera patapita zaka 430.

Paulo sanawerengere zaka zimenezi pongofuna kuonetsa nzeru. M'mipingo imene iye anayambitsa munali anthu a mitundu ina amene anakhulupirira Yesu, ndipo kunabwera aphunzitsi ena owauza kuti sangakhale ana a Mulungu enieni pokhapokha ataumbalidwa ndi kusunga lamulo la Mose. Nkhaniyi inafika mpaka pa chakudya. Agalatiya 2:11-14 akusimba za ku Antiokeya, kumene Petro ankadya mbale imodzi ndi Akhristu osaumbalidwa, koma atafika anthu ena ochokera ku Yerusalemu anayamba kudzipatula, mpaka Barnaba naye anatengeka. Paulo anamudzudzula pagulu. Vesi lija la Agalatiya 2:16, lonena kuti munthu sayesedwa wolungama ndi ntchito za lamulo, likubwera pomwepo, mkangano wa chakudyawo usanazizire. Funso limene Paulo akuyankha ndi la pakhomo: munthu wochimwa, kaya Myuda kaya wamtundu wina, Mulungu amamulandira potengera chiyani? Yankho lake ndi lakuti potengera zimene Khristu anachita, ndipo munthu amazilandira pokhulupirira.

Yakobo akutenga vesi lomwelo koma akuyang'ana kutsogolo, ku Genesis 22, kumene Abrahamu akupereka Isake paguwa. Isake anabadwa bambo ake ali ndi zaka 100, ndipo pa ulendo wa ku Moriya anali mnyamata wotha kusenza nkhuni n'kukwera nazo phiri, wothanso kufunsa kuti mwanawankhosa ali kuti. Kuchokera usiku wa nyenyezi uja kufika tsiku limeneli panali patadutsa zaka zambiri ndithu. Tsono mumve bwino mmene Yakobo akufotokozera pa 2:22-23. Sakunena kuti ntchito inalowa m'malo mwa chikhulupiriro. Akuti chikhulupiriro chinagwira ntchito pamodzi ndi zochita zake, chinafika pake penipeni chifukwa cha zochitazo, ndipo lemba lija la Genesis 15:6 linakwaniritsidwa. Munthu amene anati "ndakhulupirira kuti Mulungu adzandipatsa zidzukulu" anafika tsiku limene anayenera kuika m'manja mwa Mulungu mwana yemweyo amene zidzukuluzo zikanachokera mwa iye. Abrahamu akanakana pamenepo, tikanati usiku uja anangoyankhula pakamwa.

Anthu amene Yakobo akulimbana nawo si ofuna kuumbala anzawo. M'kalata yake yonse, machaputala asanu, satchula mdulidwe, zakudya zoletsedwa kapena Sabata. Anthu ake ndi opemphera kale, odziwa chiphunzitso, amene pamsonkhano amapatsa mpando wabwino munthu wovala mphete yagolide n'kuuza wosauka kuti aime uko kapena akhale pansi. Chitsanzo chake pa 2:15-16 ife a kuno kumapiri sitifunika kuchimasulira. Ganizani m'mawa wa mu Juni, nkhungu itakuta phiri, mame ali nyowee, mayi wamasiye wa mumpingo mwanu wafika pakhomo atafunda chitenje chimodzi chopyapyala, ana kunyumba agona ndi njala. Inu muli ndi matumba a kachewere m'nyumba odikira tsiku la msika, ndi bulangete lina lopinda pamwamba pa sutikesi. Mukumupempherera pakhonde pomwepo, mukumuuza kuti apite mumtendere, akafunde, akakhute, kenako mukutseka chitseko. Yakobo akufunsa kuti zimenezo zapindula chiyani. Mawu anu onse anali oona, pemphero linali labwino, koma mayiyo wabwerera akunjenjemera monga anabwerera.

Onaninso mmene Yakobo akuyambira ndimeyi pa vesi 14: munthu "akanena" kuti ali ndi chikhulupiriro. Ndipo pa vesi 19 akutchula chimene munthuyo amakhulupirira, kuti Mulungu ndi mmodzi, chivomerezo chimene Myuda aliyense wopembedza ankachinena tsiku ndi tsiku kuchokera pa Deuteronomo 6:4. Yakobo akuti wachita bwino, koma ziwanda nazonso zimakhulupirira zimenezo, mpaka zimanjenjemera. Chikhulupiriro chotere, chongovomereza kuti mfundo yakuti ndi yoona, Paulo sananenepo kuti chingapulumutse munthu. Kwa iye kukhulupirira ndi kuponya moyo wako wonse pa Khristu, n'chifukwa chake pa Agalatiya 5:6, m'kalata yomweyo yolimbana ndi mdulidwe, akuti chimene chili ndi mphamvu ndi chikhulupiriro chogwira ntchito mwa chikondi. Ndipo onse awiri akafuna kunena lamulo limene Mkhristu ayenera kulisunga, amathamangira vesi limodzi, Levitiko 19:18, lakuti uzikonda mnzako monga udzikonda iwe mwini. Yakobo akulitchula pa 2:8, Paulo pa Agalatiya 5:14.

Mpaka apa owerenga ambiri, Akatolika ndi Achiprotestanti, amayendera limodzi. Koma pali mayankho awiri achidule amene mudzawamva kawirikawiri, ndipo ndikukuchenjezani kuti onse awiri amatsimphina.

Loyamba limati Paulo akunena za kulungama pamaso pa Mulungu, pamene Yakobo akunena za kuoneka wolungama pamaso pa anthu. Lili ndi pogwira, chifukwa pa vesi 18 Yakobo akuti "undionetse" chikhulupiriro chako. Koma pitani nalo ku Moriya muone ngati liima. Ndani anaonerera? Pa Genesis 22:5 Abrahamu anasiya anyamata ake awiri m'munsi pamodzi ndi bulu. Paphiri panali iye, Isake ndi Mulungu basi, ndipo mawu akuti "tsopano ndadziwa kuti umaopa Mulungu" pa vesi 12 anachokera kumwamba. Komanso funso la Yakobo pa 2:14 ndi lakuti kodi chikhulupiriro chotere chingamupulumutse munthu. Imeneyi ndi nkhani ya chipulumutso, yoposa mbiri ya munthu pamudzi. Mavesi awiri am'mbuyo mwake, 12 ndi 13, akunena za chiweruzo chopanda chifundo kwa amene sanachite chifundo.

Lachiwiri limati Paulo akungokana mdulidwe ndi miyambo ya Chiyuda basi, ntchito zina zabwino sakuzikhudza. Ndi zoona kuti mkangano unayambira pamenepo. Koma pa Aroma 4:4-5 Paulo akupita patsogolo. Akuti wogwira ntchito malipiro ake sawerengedwa ngati mphatso, ndi mangawa amene ayenera kulandira, pamene Mulungu amayesa wolungama munthu wosapembedza amene wakhulupirira. Kenako akutchula Davide, munthu woumbalidwa ndi wodziwa lamulo, amene chiyembekezo chake chinali pa kukhululukidwa kwa machimo. Choncho Paulo akutseka njira iliyonse yoti munthu akaime pamaso pa Mulungu ngati waganyu wodzatenga malipiro ake. Kaya ntchitoyo ndi mdulidwe, kaya ndi kumanga tchalitchi, kaya ndi kudyetsa amasiye, siigula kulandiridwa.

Chimene ine ndimachiona cholimba ndi chimene zaka za Abrahamu zikutionetsa. Paulo waima pa chaputala 15, akuonetsa chimene kulandiridwa kwa munthu kumatsamira, ndipo pamenepo munthu amafika manja ali lendee, alibe chopereka. Yakobo waima pa chaputala 22, akuyang'ana moyo wonse wa munthu amene akuti anakhulupirira, ndipo akuti chigamulo cha Mulungu pa munthuyo sichingasiyane ndi zimene chikhulupirirocho chinabala. Paulo mwiniwake amayankhula chimodzimodzi akafika pa nkhani ya chiweruzo. Pa Aroma 2:6 akuti Mulungu adzabwezera aliyense monga mwa ntchito zake, ndipo pa 2 Akorinto 5:10 akuti tonse tidzaonekera ku mpando woweruzira wa Khristu kukalandira monga mwa zimene tinachita m'thupi. Pa Aefeso 2 mfundo ziwirizi zagona moyandikana: vesi 8 ndi 9 akuti tinapulumutsidwa ndi chisomo, osati ndi ntchito, kuti wina asadzitame, ndipo vesi 10 likuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Alaliki ambiri amaima pa vesi 9 n'kutseka buku.

Mwina mungafunse ngati Yakobo ankayankha Paulo mwachindunji. Akatswiri amagawanika. Ena amati kalata ya Yakobo ndi yoyambirira, inalembedwa Paulo asanalembe Aroma. Ena amati mawu ake akufanana kwambiri ndi a Paulo, kotero ayenera kuti ankayankha anthu amene anamva chiphunzitso cha Paulo n'kuchipotoza. Anthu otero analipodi, ndipo Paulo yemwe akudandaula pa Aroma 3:8 kuti ena ankamunamizira kuti amaphunzitsa kuti tichite zoipa kuti zabwino zibwere. Pa Aroma 6:1-2 akufunsa ngati tipitirize kuchimwa kuti chisomo chichuluke, n'kuyankha kuti msatero ayi. Pa Agalatiya 2:9-10 akusimbanso kuti Yakobo, Petro ndi Yohane anamugwira chanza ku Yerusalemu, kuvomereza ntchito yake pakati pa amitundu, ndipo chimodzi chokha anamupempha: kuti azikumbukira osauka. Paulo akuti chimenecho ankafunitsitsa kale kuchichita, ndipo makalata ake akuonetsa kuti anathera nthawi yaitali akusonkhanitsa chopereka cha osauka a ku Yerusalemu.

Tsopano ku nkhani ya m'nyumba mwanu, chifukwa mkangano wa inu ndi bambo uli ndi mbiri yake. Martin Luther, pomasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522, anaika mawu akuti "chokha" pa Aroma 3:28, ponena kuti ndilo tanthauzo la Paulo ngakhale mawuwo mulibe m'Chigiriki. M'mawu oyamba a buku lomwelo anatcha kalata ya Yakobo kuti ndi ya udzu poiyerekeza ndi Aroma, Agalatiya ndi Uthenga wa Yohane. Sanaichotse m'Baibulo, anangoiika chakumapeto. Ine ndimaona kuti apa Luther anafulumira, ndipo anzake ambiri sanamutsatire. John Calvin analemba kuti chikhulupiriro chokha ndicho chimalungamitsa, koma chikhulupiriro cholungamitsacho sichikhala chokha. Katekisima wa Heidelberg wa 1563, amene mipingo yochokera ku Dutch Reformed monga Sinodi ya Nkhoma inamulandira, akufunsa pa funso 64 ngati chiphunzitsochi sichipangitsa anthu kukhala osasamala. Yankho lake ndi lakuti n'kosatheka kuti munthu wolumikizidwa kwa Khristu ndi chikhulupiriro choona asabale zipatso za kuyamika.

Kumbali ya bambo, msonkhano wa Akatolika wa ku Trent mu 1547 sunanene kuti munthu amagula chipulumutso, monga ena amanenera pa maulaliki a pamsika. Unati chikhulupiriro ndicho chiyambi, maziko ndi muzu wa kulungamitsidwa, ndipo palibe chimene munthu amachita asanalungamitsidwe chimene chingamuyenereze chisomocho. Koma unatinso munthu wolungamitsidwa amakula m'chilungamo pochita ntchito zabwino mothandizidwa ndi chisomo, ndipo pamenepo unagwira Yakobo 2:24. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwenikweni. Kwa Achiprotestanti ambiri kulungamitsidwa ndi chigamulo cha Mulungu chimene chimaperekedwa chathunthu, sichikula, ndipo kusinthika kwa moyo amakutcha kuyeretsedwa, chinthu china ngakhale sichilekana ndi choyambacho. Kwa Akatolika kulungamitsidwa kumaphatikiza zonse ziwiri, kukhululukidwa ndi kusinthidwa mkati, kotero kungathe kukula. Mukatero mumvetsa chifukwa chake bambo akawerenga Yakobo 2:24 savutika nalo, pamene inu mumafuna kulifotokoza kaye, ndiponso chifukwa chake Aroma 4:5 kwa inu ndi losavuta koma iwo amafuna kuwonjezerapo mawu.

Pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg ku Germany, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran padziko lonse anasainirana chikalata chogwirizana pa nkhani imeneyi. Mtima wake ndi wakuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito yopulumutsa ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo timalandira Mzimu Woyera amene amakonzanso mitima yathu ndi kutiitanira ku ntchito zabwino. A Methodist anachivomereza mu 2006, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse linachivomereza mu 2017. Si onse anakondwa nacho, ndipo chikalatacho sichibisa kuti mbali ziwirizi zimafotokozabe zinthu zina mosiyana. Koma ngati nsima inazizira chifukwa mmodzi wa inu amati mnzake amakhulupirira chipulumutso chogula, kapena chipulumutso cha aulesi, dziwani kuti palibe mpingo mwa iwiriyi umene umaphunzitsa zimene munkanenezanazo.

Pa ntchito yanu ya Chigwirizano, poyendera odwala ndi okalamba, mudzakumana ndi anthu a mitundu iwiri, ndipo luso lake ndi kuzindikira amene ali patsogolo panu. Mudzapeza agogo ogona pamphasa, akulira kuti zaka ziwiri sanapite kutchalitchi chifukwa miyendo inakana, chopereka sanapereke, ndipo akuopa kuti Mulungu awakana. Munthu wotere akuwerengera ntchito zake ngati malipiro, ndipo mukamuwerengera Yakobo 2 mwamusenzetsa mtolo wina. Muwerengereni Aroma 4 ndi chiyambi cha Aroma 5. Mudzapezanso munthu wodziwa mavesi ndi nyimbo zonse, wosajomba Lamulungu, amene walanda dimba la ana amasiye a mchimwene wake kapena sanalipire aganyu amene anamukumbira kachewere, ndipo mukamufunsa amati tonse ndife ochimwa, tinapulumuka ndi chisomo. Uyu akubisala kumbuyo kwa Paulo. Muwerengereni Yakobo 2, ndipo mupitirire mpaka 5:4, pamene akuti malipiro a antchito amene anakolola m'minda yanu, amene munawabisa, akufuula ndipo Ambuye amva. Chizindikiro chosiyanitsira awiriwa si kuchuluka kwa ntchito zawo. Mvetserani mmene akunenera za tchimo lawo: woyamba likumuwawa ndipo akusowa pothawira, wachiwiri silikumuwawa ndipo wapeza kale vesi lolifunditsira.

Mukadzakhala pansi ndi bambo, musayambe ndi mavesi awiri a kumaliro aja. Yambani ndi Genesis 15, kenako 17, kenako 22, mukulemba zaka za Abrahamu papepala. Mukatero werengani Aroma 4 yense, ndi Yakobo 2 kuyambira vesi 1, osati vesi 14, kuti muone kaye wosauka uja akuuzidwa kuti akhale pansi. Musadumphe Rahabi pa vesi 25. Yakobo akuti anayesedwa wolungama ndi ntchito pamene analandira azondi ndi kuwatulutsira njira ina, pamene Ahebri 11:31 akutchula kuwalandira komweko kuti kunali kwa chikhulupiriro. Pa Yoswa 2 mudzapeza kuti mayiyu anali Mkanani ndiponso wadama, wosadziwa lamulo la Mose, ndipo anabisa amunawo pansi pa mapesi a fulakesi padenga chifukwa anali atamva zimene Mulungu wa Israeli anachita pa Nyanja Yofiira.